Lendi ikavuta fodya asanalowe pa okushoni: kalata yopita kwa eni nyumba

Ku Kasungu ndalama zimayenda ndi fodya. Msika wa ku Chinkhoma ukatsegulidwa, nthawi zambiri m'mwezi wa Epulo, mathiraki a mabelo amandandalika m'mbali mwa msewu wa M1, ndipo pakangopita masabata angapo wogulitsa malata, telala, wa lesitilanti, wometa ndi wa kabaza onse amayamba kuona kuti m'thumba mwa mlimi mwalowa kanthu. Zimatero mpaka cha mu Ogasiti kapena Sepitembala. Zotsala zimathera ku nazale, ku feteleza ndi kwa aganyu owokera. Pofika Januwale fodya amakhala akadali m'munda, chimanga chatha m'nkhokwe, kusukulu akufuna fizi ya teremu yachiwiri. Wa shopu ku Santhe, ku Chamama, ku Nkhamenya kapena pa Boma amatha kukhala tsiku lonse akukuntha fumbi pa katundu. Koma lendi ya Febuluwale imakhala yofanana ndi ya Julayi, ndipo pa 1 kapena pa 5 alandilodi amayembekezera ndalama zawo.

Nkhani ino ndi ya munthu wochita lendi nyumba yogona kapena shopu, osati matenanti olima fodya m'maesiteti, omwe nkhani yawo ndi ya malamulo a ntchito.

Tiyambe ndi mfundo imene ambiri safuna kuimva. M'Malawi muno mulibe lamulo lokakamiza mwini nyumba kutsitsa lendi chifukwa choti malonda a womulipira avuta. Lendi ndi pangano. Munagwirizana K120,000 pa mwezi, ndiye kuti ngongole yanu ndi K120,000 pa mwezi, kaya mvula yadula, kaya mitengo ya fodya yagwa, kaya kwacha yatsika mphamvu monga inachitira mu Novembala 2023 pamene inagwa ndi 44 peresenti. Pangano la pakamwa nalo ndi pangano ndithu. Kusowa kwa pepala sikufafaniza ngongole. Choncho kalata imene tikukambayi ndi pempho. Amene amailemba ngati akulamula, n'kumatchula ufulu umene alibe, amadzitsekera yekha khomo.

Nanga ngati ndi pempho chabe, bwanji osangopita kukagwada pakhonde pa alandilodi n'kulankhula nawo? Pitani ndithu, ndipo ndi bwino kuyamba ndi pakamwa, chifukwa kwathu kuno kalata yobwera popanda moni imaoneka ngati samani. Koma ntchito ya kalata ndi ina. Mwini nyumba akavomera, chifundo chakecho chiyenera kusanduka mgwirizano umene nonse awiri mudzaukumbukire mofanana mu Julayi, ndalama zitayamba kuoneka. Mikangano yambiri ya lendi sichokera pa kukana kwa alandilodi. Imachokera pa mawu akuti "chabwino, muzipereka zimene mungathe, tidzaona fodya akagulitsidwa." Wolipira amamva kuti wakhululukidwa. Mwini nyumba amakhala akuwerenga zotsalazo m'kope lake.

Kutsitsa n'kwina, kuchedwetsa n'kwina

Musanagwire cholembera, dziwani chimene mukupempha, chifukwa zinthuzi ndi ziwiri ndipo lamulo limaziona mosiyana. Kuchedwetsa ndi kunena kuti ndalama zonse mudzapereka, koma zina mudzapereka mochedwa pa masiku otchulidwa. Mwini nyumba sataya tambala, amangodikira. Kutsitsa ndi kunena kuti gawo lina la lendi lifafanizidwe, lisadzafunsidwenso. Apa mwini nyumba akutaya ndalama zenizeni.

Makhoti athu amagwiritsabe ntchito mfundo zambiri za malamulo a mapangano zochokera ku Mangalande, ndipo pali milandu iwiri ya kumeneko imene imaunikira bwino nkhaniyi. Woyamba ndi wa Foakes ndi Beer, wa mu 1884. Mfundo yake ndi yowawa kwa wangongole: ngati munthu ali nanu ngongole ya K120,000 ndipo mwalandira K80,000 n'kunena kuti zakwana, mawu anuwo paokha sakuletsani kudzafunsa K40,000 yotsalayo, chifukwa iye sanakupatseni chatsopano chilichonse posinthana ndi kukhululukako. Wangopereka gawo la zimene anayenera kupereka kale.

Wachiwiri ndi wa High Trees, umene woweruza Denning anagamula mu 1946. Kampani ina inabwereka mdadada wa nyumba zogona mu London mu 1937 pa mtengo wa mapaundi 2,500 pa chaka. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itayamba anthu anathawa mu mzindamo, nyumba zambiri zinakhala zopanda anthu, ndipo mu Januwale 1940 eni ake anavomera polemba kalata kuti lendi itsike kufika pa mapaundi 1,250. Sanatchule kuti kutsitsako kudzatha liti. Pofika 1945 nyumba zonse zinali zitadzazanso, eni ake n'kufuna lendi yonse ya miyezi isanu ndi umodzi yomaliza ya chakacho. Khoti linawapatsa, ponena kuti kutsitsako kunali kwa nthawi ya mavuto yokha. Koma woweruzayo ananenanso kuti akanafuna kubwerera m'mbuyo kukatolera zotsala za zaka za nkhondo, sakanaloledwa, chifukwa analonjeza, mnzawo anadalira lonjezolo, ndipo kulibweza kukanakhala kupanda chilungamo.

Wa shopu ku Chinkhoma atolepo zinthu zitatu. Lonjezo lotsitsa lendi likhoza kukutetezani, koma pokhapokha likhale lomveka ndipo muthe kulionetsa. N'chifukwa chake pamafunika pepala. Kutsitsako kumatha mavuto akatha, ndiye ndi nzeru kulemba tsiku loyambira ndi lothera m'malo modzakangana kuti nyengo ya mavuto inatha liti. Ndipo njira yolimba kuposa zonse ndi kupereka kanthu kena posinthana, kanthu kamene simunali okakamizika kupereka: kulonjeza kukhalamo chaka china chathunthu, kulipiriratu miyezi itatu ndalama za fodya zikabwera, kapena kupaka penti ndi kukonza khonde ndi ndalama zanu. Zikatero sichikhalanso chifundo chabe, ndi pangano latsopano lomanga mbali zonse ziwiri. Dziwaninso kuti lonjezo lofinyidwa ndi chiopsezo, monga kunena kuti "landirani theka, apo ayi simuona kalikonse," khoti silingalilemekeze.

Masamu asanalembedwe mawu

Tiyerekeze mayi wina amene ali ndi shopu ya zitenje, mabulangete ndi ziwiya pa Chinkhoma. Lendi yake ndi K120,000 pa mwezi, yolipira pa 5, ndipo wakhalamo zaka zitatu osaphonya. Akayang'ana m'kope la malonda la chaka chatha, akuona kuti kuyambira Januwale mpaka Epulo, atachotsa chakudya, mayunitsi a magetsi ndi ndalama yoodera katundu, angathe kupatula K80,000 pa mwezi, osaposa apo. Ndiye kuti mwezi uliwonse azipereweza K40,000, ndipo pa miyezi inayi ngongole ikwana K160,000.

Chiwerengero cha K80,000 chisachokere m'mutu kapena m'manyazi. Anthu ambiri akafika pamaso pa alandilodi amatchula ndalama yokwera kuti asaoneke osauka, kenako n'kulephera mwezi woyamba womwewo. Kulephera pangano lachiwiri n'koipa kuposa kulephera loyamba, chifukwa tsopano mwini nyumba ali ndi pepala lolembedwa ndi dzanja lanu losonyeza kuti mawu anu sadalirika.

Pali funso la Epulo. Ambiri amalonjeza kuti adzalipira "msika ukatsegulidwa," ndipo apa ndi pamene amagwera m'mbuna. Tsiku lotsegulira msika amalengeza ndi a Tobacco Commission, ndipo limasintha chaka ndi chaka. Kutsegulidwa kwa msika sikutanthauzanso kuti ndalama zafika pa kauntala yanu. Belo liyenera kupeza thiransipoti, lidikire pamzere, ligulidwe, ndipo likhoza kubwezedwa kuti likasankhidwenso. Zakhalapo nthawi zimene malonda anaimitsidwa alimi atakwiya ndi mitengo. Mlimi wa kontirakiti amayamba wadulidwa ngongole ya feteleza ndi mbewu, ndiye mabelo oyamba nthawi zina amangothera kubweza ngongole. Akalandira zotsala amayamba ndi aganyu, chimanga ndi fizi. Bulangete limabwera pambuyo. Choncho mayi wathuyu aike Epulo m'gulu la miyezi yovuta, ndipo m'kalata alembe masiku a pa kalendala, osati zochitika. "Pa 5 Juni" ndi tsiku limene aliyense angaloze. "Fodya akagulitsidwa" ndi mkangano umene ukudikira nthawi yake.

Akasankha kuchedwetsa, dongosolo lake likhala lotere: K80,000 mwezi uliwonse kuyambira Januwale mpaka Epulo, K120,000 yokhazikika mu Meyi kuti apume, kenako K160,000 yotsalayo aigawe pa miyezi ya Juni, Julayi ndi Ogasiti. Mu Juni ndi Julayi awonjezere K60,000 pa lendi, mu Ogasiti K40,000. Ndikanakhala ine sindikanalola ngongoleyi kudutsa Ogasiti, chifukwa Sepitembala msika umakhala ukutsekedwa ndipo ndalama zayambanso kubwerera kumunda. Pakutha pa chaka mwini nyumba adzakhala atalandira K1,440,000 yake yonse.

Tsopano taganizirani mbali ya mwini nyumba, chifukwa kalata yabwino imalembedwa ndi munthu amene waona nkhaniyo ndi maso a woiwerenga. Alandilodi ambiri ku Kasungu si makampani. Ndi mphunzitsi wopuma ntchito amene anamanga mashopu atatu ndi penshoni, ndi mayi wamasiye, ndi mlimi wa fodya yemwe amadalira lendi kuti agule feteleza wobereketsa mu Januwale momwemo. Ngati nyumbayo ili m'dera la khonsolo ya tauni ya Kasungu, amalipiranso msonkho wa malo. Njala ya Febuluwale imamukhudza iyenso. Koma amadziwanso kuti akakutulutsani mu Januwale, wolowamo wina sapezeka msanga, chifukwa palibe amene amatsegula shopu nyengo imeneyo. Shopu ikakhala yotseka miyezi itatu wataya K360,000 imene sidzabweranso. Akale anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. K80,000 ya pa 5 Januwale ili pamphuno. Mfundo imeneyi ndiyo mphamvu yanu yeniyeni, koma musaitchule ngati chiopsezo. Iye amawadziwa masamuwo kuposa inu.

Kalatayo

Nthawi yoilemba ndi kumayambiriro kwa Disembala, musanaphonye mwezi ndi umodzi womwe. Wopempha asanalakwe amaoneka wadongosolo. Wopempha ali kale ndi ngongole ya miyezi iwiri, atayamba kuzemba foni, amaoneka ngati akugula nthawi. Ikhale ya tsamba limodzi. Mayi wa zitenje uja angalembe motere:

Chinkhoma, Kasungu
8 Disembala 2025

Bambo,

PEMPHO LOSINTHA KALIPIRIDWE KA LENDI YA SHOPU NAMBALA 2

Ndikupereka moni ndi ulemu. Ndalemba kutsatira zimene tinakambirana kunyumba kwanu Lamlungu lapitali.

Ndakhala ndikuchita lendi shopu yanuyi kuyambira Januwale 2023 pa mtengo umene pano ndi K120,000 pa mwezi, ndipo kufika lero ndilibe ngongole iliyonse ndi inu. Monga mukudziwa, makasitomala anga ambiri ndi alimi a fodya, ndipo malonda amatsika kwambiri kuyambira Januwale mpaka Epulo.

Ndikupempha kuti pa miyezi ya Januwale, Febuluwale, Malichi ndi Epulo 2026 ndizipereka K80,000 pa 5 mwezi uliwonse. K40,000 yotsala pa mwezi uliwonse, yonse pamodzi K160,000, sindikupempha kuti ifafanizidwe. Ndidzaibweza motere, pamwamba pa lendi ya mweziwo: K60,000 pa 5 Juni, K60,000 pa 5 Julayi ndi K40,000 pa 5 Ogasiti 2026. Kuyambira Meyi ndidzabwerera pa K120,000 monga mwa nthawi zonse.

Ndikupemphanso kuti pa ndalama zochedwazi pasakhale chiwongoladzanja kapena chindapusa, kuti lendi isakwere mpaka pa 31 Ogasiti 2026, ndiponso kuti malinga ngati ndikusunga masiku amenewa, musandipatse notisi yotuluka m'nyengo imeneyi. Zina zonse za pangano lathu zikhale monga zilili.

Ngati mwavomera, chonde sainani m'munsimu pa makope onse awiri, limodzi likhale lanu, lina langa. Ngati pali pamene mukufuna tisinthe, ndili wokonzeka kubwera kuti tidzakambirane pasanafike pa 20 Disembala.

Ine wanu,
(dzina, siginecha ndi nambala ya foni)

Ndavomera zimene zalembedwa pamwambapa:
(dzina la mwini nyumba, siginecha ndi tsiku)
Mboni: (dzina, siginecha ndi tsiku)

Muona kuti m'kalatamu mulibe nkhani ya matenda a apongozi, maliro kapena mbuzi zimene zinabedwa. Zimenezo mukhoza kukamba pakhonde. Pa pepala chifukwa chimodzi choona ndi chokwanira, ndipo chikhale choona ndithu, chifukwa mgwirizano wopezedwa ndi bodza mwini nyumba akhoza kuukana akadzazindikira.

Ndime yofunika kwambiri, imene ambiri amaiiwala, ndi ya notisi. Ngati mumalipira mwezi ndi mwezi popanda pangano la nthawi yoikika, mwa lamulo kubwereka kwanu ndi kwa mwezi ndi mwezi, ndipo mbali iliyonse ikhoza kukuthetsa popereka notisi ya mwezi wathunthu, ngakhale popanda cholakwa. Ndiye kuti mwini nyumba akhoza kuvomera K80,000 mu Januwale, n'kudzakupatsani notisi kumapeto kwa Malichi kuti shopu ikhale yopanda munthu pa nthawi imene amalonda obwera ndi nyengo ya fodya akufunafuna malo ndi ndalama m'manja. Inu mwapirira miyezi ya njala, wina n'kudzakolola miyezi ya ndalama. Chiganizo chimodzi chija chimatseka mpata umenewu. Chimodzimodzi chiganizo cha kukwera kwa lendi: popanda icho, K160,000 imene mwachedwetsa ikhoza kukumana ndi lendi yatsopano mu Juni.

Mayiyu akanafuna kutsitsa osati kuchedwetsa, ndipo kope lake likanalola K100,000 pa mwezi, ndime yachitatu ikanasintha. Akanalemba kuti akupempha kulipira K100,000 pa miyezi inayi ija, kuti K20,000 yotsala pa mwezi uliwonse, yonse pamodzi K80,000, "ifafanizidwe ndipo isadzafunsidwenso," ndipo kuti posinthana ndi zimenezi akulonjeza kukhala m'shopumo mpaka Disembala 2026 ndi kulipiriratu lendi ya Julayi, Ogasiti ndi Sepitembala pa 5 Julayi. Mawu akuti "isadzafunsidwenso" alembedwe ndithu, ngakhale akuoneka olimba. Onaninso kuti wopempha kutsitsa amapempha zochepa kuposa wopempha kuchedwetsa. Kupempha kuti akudulireni theka kwaulere ndi kupempha kuti akukanizeni. Kwa amene akhalitsa ndi landilodi mmodzi, pali njira ina imene ndimaiona yanzeru kuposa kulemba kalata yodandaula chaka chilichonse: kugwirizana kamodzi kuti lendi iziyenda ndi nyengo, yotsika miyezi ya dzinja, yokwera miyezi ya msika, koma ya chaka chonse osasintha.

Kumbukirani kuti kalata imadula mbali zonse. Mukalemba kuti muli ndi ngongole ya K160,000 n'kusaina, mwapereka umboni umene mwini nyumba angapite nawo kukhoti. Lamulo limapereka zaka zisanu ndi chimodzi zoti munthu asumire ngongole ya pangano, ndipo kuvomera ngongole polemba kumayambitsanso kuwerenga zakazo. Ndiye musalembe chiwerengero chimene simunachitsimikize ndi malisiti. Ngati pali ndalama zimene mukutsutsana, monga zimene munakonzera denga lodontha, zitchuleni padera kuti simunagwirizane, musaziphatikize mu ngongole imene mukuvomera. Ndipo musadzidulire nokha lendi ponena kuti munakonza chakutichakuti ngati mwini wake sanavomere; zimenezo zimawerengedwa ngati kusalipira.

Amene ayenera kusaina ndi mwini nyumba weniweni kapena munthu amene anapatsidwa mphamvu yosintha pangano. M'matauni athu lendi imatoleredwa ndi mphwake, mlonda kapena ejenti, eni ake ali ku Lilongwe kapena ku Joni. Wotolera ndalama sikuti ali ndi mphamvu yokhululukira ngongole. Ngati eni ake ali kutali, jambulani kalatayo muwatumizire pa WhatsApp, ndipo muwapemphe ayankhe ndi mawu omveka akuti avomera, osati kachizindikiro ka chala chokha. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limalola mauthenga a pa foni ndi pa kompyuta kukhala umboni. Sungani uthengawo pena pake kuwonjezera pa foniyo, poti mafoni amabedwa. Nyumba ikakhala ya banja la womwalira, funsani amene akuyendetsa chuma cha masiye, chifukwa mwana mmodzi akhoza kuvomera, anzake n'kudzakana. Mboni ikhale munthu wosakondera: wapampando wa msika, mkulu wa mpingo kapena nyakwawa.

Mgwirizano ukasainidwa, ntchito imatsala pa malisiti. Polipira nenani, ndipo palembedwe, kuti ndalamayo ndi ya mwezi uti. Lamulo limalola wolipira kusankha ngongole imene akubweza pa nthawi yolipirayo. Akapanda kunena, wolandira amasankha yekha. Mukatumiza K120,000 ya Meyi osanena kanthu, mwini nyumba akhoza kuiika pa zotsala za Januwale mpaka Malichi, n'kunena kuti Meyi simunalipire ndipo mwaphwanya mgwirizano. Mukalipira pa Airtel Money kapena Mpamba, tsatizani uthenga wonena kuti "iyi ndi lendi ya Meyi 2026," ndipo musafufute uthenga wotsimikiza kuti ndalama yapita. Mukalipira pamanja, kope laling'ono losainirana nonse awiri limakwanira. Mukaona kuti tsiku lina mulephera, lembaninso lisanafike.

Mwini nyumba akhoza kupempha chikole. Si zachilendo, koma musangonyamula firiji kapena makina osokera n'kukasiya. Palembedwe kuti ndi katundu wanji, wa mtengo wanji, adzabwezedwa liti, ndiponso kuti sadzagulitsidwa popanda kukudziwitsani. Chipangizo chimene mumapezera ndalama musachipereke konse, chifukwa mudzabweza ndi chiyani? Za dipoziti, ngati munapereka polowa, si lendi, ndipo simungangonena nokha kuti "dyani dipoziti ija." Koma mukhoza kupempha m'kalata kuti igwiritsidwe ntchito pa mwezi umodzi wovuta, inu mudzaibwezeretse mu Julayi. Eni nyumba ena amavomera msanga zimenezi chifukwa ndalamayo ili kale m'manja mwawo. Katapila wolipirira lendi ndiye ayi. Ngongole ya alandilodi yopanda chiwongoladzanja ndi yopepuka kutalitali poyerekeza ndi ya munthu amene amafuna theka lina pamwamba pakutha pa mwezi.

Akakana

Mwini nyumba ali ndi ufulu wokana, ndipo kusayankha si kuvomera. Ngati tsiku limene munatchula lafika popanda yankho, pangano lakale likadali pomwepo. Pitirizani kupereka zimene mungathe, mukulemba kuti ndi gawo la lendi ya mwezi wakutiwakuti, chifukwa zimachepetsa ngongole ndipo zimaonetsa khoti kuti simunathawe. Koma kulandira kwake gawolo sikutanthauza kuti wakhululuka zotsala. Yang'ananinso pangano lanu ngati ndi lolembedwa. Ena amakhala ndi ndime yopatsa mwini malo mphamvu yothetsa pangano lendi ikachedwa masiku akutiakuti. Pa malo olembetsedwa pansi pa lamulo la Registered Land Act, mwini malo amayenera kuyamba wapereka chidziwitso cholemba chotchula cholakwacho ndi kupereka nthawi yochikonza, ndipo wobwereka akhoza kupempha khoti kuti limupatse mpata. Malo ambiri a m'matauni ang'onoang'ono sali pansi pa lamuloli, ndiye musalitchule m'kalata musanafunse odziwa.

Mwini nyumba ali ndi njira zake zovomerezeka, ndipo si zoseweretsa. Akhoza kukupatsani notisi, kukusumirani ku khoti la majisitireti kuti mulipire ndi kutuluka, ndipo lamulo lili ndi njira yogwirira katundu wa wobwereka chifukwa cha ngongole ya lendi, ntchito imene amagwira a sherifu okhala ndi chikalata. Akabwera anthu oti atenge katundu, funsani chikalatacho ndi chiphaso chawo, ndipo lembani chilichonse chimene chatengedwa. Zimene zimachitika kawirikawiri m'makwalala athu, kuzula chitseko, kusasula malata nthawi ya mvula, kutuma anyamata kuti ataye katundu panja, ndi kudzitengera lamulo m'manja, ndipo wochita zimenezi akhoza kusumiridwa kuti alipire zimene zawonongeka. Zikakuchitikirani musabwezere ndi manja. Jambulani zithunzi, itanani mboni, ndipo ngati pali chiwawa kapena kuopseza kanenani kupolisi.

Apolisiwo ntchito yawo ndi ya chiwawacho, osati kutolera lendi. Gawo 19 la malamulo oyendetsera dziko lino a 1994 limanena kuti munthu asatsekeredwe m'ndende chifukwa cholephera kukwaniritsa pangano. Wokuopsezani kuti mukagona m'chitolokosi chifukwa cha lendi ya Febuluwale akungokuopsezani. Chimene simuyenera kunyozera ndi samani ya khoti. Ikabwera pitani pa tsiku lake mutanyamula kalata ija, malisiti ndi kope la malonda. Mukapanda kupita mlandu ukhoza kugamulidwa inu kulibe, pamene mukapita mukhoza kupempha kuti ngongoleyo muzibweza pang'onopang'ono. Amene sangathe kulipira loya akhoza kupempha thandizo ku Legal Aid Bureau, ndipo akalaliki a pa khoti amafotokoza mapepala ofunika.

Nthawi zina masamu amakana. Ngati ngakhale K80,000 siipezeka, ndipo kope la chaka chatha likuonetsa kuti ndalama za Juni ndi Julayi sizingakwanitse lendi ndi ngongole pamodzi, kalata yoyenera kulemba ndi ina: notisi yanu ya mwezi umodzi, yotchula tsiku lotuluka, ngongole imene ilipo ndi masiku oibwezera, ndi pempho loti dipoziti ichotsedwe pa ngongoleyo. Pa tsiku lotuluka yenderani nyumbayo limodzi ndi mwini wake, lembani mmene mwaisiyira, werengani mita ya madzi ya Central Region Water Board ngati ilipo, ndipo makiyi muwapereke pamaso pa mboni, iye asaine kuti walandira. Kusamuka usiku sikuthetsa pangano. Lendi imapitirira kuwerengedwa mpaka notisi yoyenera itatha, ndipo katundu amene mwasiya m'mbuyo ndi amene amayamba kugwidwa.